Mwana wanga ndi bambo anga onse samamva, koma matenda ake anali awiri osiyana

Kwathu ndi ku Salima, mbali ya ku Senga Bay, ndipo pakhomo panga panali anthu awiri oti ukawaitana umachita kubwereza katatu. Wina ndi mwana wanga wachisamba, wa zaka 9 nthawi imeneyo, wina ndi bambo anga ondibereka amene anagwira ntchito pachigayo zaka zoposa 20 asanapume. Ine ndimangoti onsewa ndi vuto limodzi, makutu basi, mwina ndi za kumtundu. Mpaka ndimagula mankhwala odonthezera m'khutu botolo limodzi nkumawathira onse awiri, aaa ndikakumbukira pano ndimadziseka ndekha komanso ndimachita manyazi.

Mwanayu khutu lake lakumanzere linayamba kutuluka mafinya ali Sitandade 2. Linayamba ndi chimfine, kenako usiku wina analira kwambiri kuti khutu likuwawa, kutacha tinapeza pilo yanyowa ndipo ululu unatha, ife nkumati wachira. Osadziwa kuti kutha kwa ululuko ndiye kuti mwinikhutu, kachikopa kotseka mkati mwa khutu, waphulika, mafinya apeza potulukira. Kuyambira pamenepo likauma sabata ziwiri, akangopita kunyanja kukasambira ndi anzake layambiranso, ndipo mwana wa kunyanja kumuletsa madzi nkovuta inu. Tinathiramo mafuta ophikira ofunditsa, agogo ake akuchikazi anafinyiramo masamba, ine ndimapukuta ndi kamtengo ka machesi kokulunga thonje. Kusukulu aphunzitsi anandiitana kuti mwana wanuyu ndi nkhutukumve, tikamuyankhula amangoyang'ana kumbali. Ndinamukalipira, tsiku lina ndinamumenya kumene. Chimenecho chimandiwawa mpaka lero.

Bambo zawo zinali zina. Khutu lawo silimatuluka kanthu, silimawawa, koma amadandaula kuti muli nyenje zikulira usana ndi usiku. Ndipo chodabwitsa nchoti ukagogoda chitseko amamva, galimoto ikamadutsa kumsewu amamva, ng'oma kudambwe amamva, koma mdzukulu wawo wamkazi akawauza kanthu amangoti "wati chani?" Ukati ukuwe, amakwiya, "usandikuwire ine, ndikukumva, koma ukumeza mawu." Ife timati ndi ukalamba wosakaniza ndi makani.

Chinatinyamula ndi fungo la khutu la mwana, linafika poti anzake amamuthawa pabenchi. Kuchipatala anatilembera kuti tikaonane ndi a zamakutu ku Lilongwe, ndiye ine ndinati poti thiransipoti ndikulipira kale, bambo tiyeni nanunso akakuoneni. Kwa amene simukudziwa, ku Lilongwe kuli kiliniki yoyeza kamvedwe ku ABC, ndipo ku Blantyre ku Kwinzi kuli madokotala a makutu, mphuno ndi pakhosi komanso oyeza kamvedwe. Tinadzuka m'mamawa, minibasi pa Kamuzu Rodi, kukwera mapiri aja mpaka mtauni.

Mayi amene anatilandira anayamba ndi kuunika m'makutu ndi katochi kokhala ndi kamlomo. Kwa mwana anapukuta kaye mafinya, nkuona kuti mwinikhutu, kachikopa kopyapyala kaja kamene kamatseka mkati ngati chikumba cha ng'oma, kali ndi bowo pakati. Kwa bambo anapeza phula lambiri kumanja, analichotsa, koma mwinikhutu mbali zonse anali bwinobwino, wowala. Ine mumtima ndinati eya, nde bambo achira, linali phula. Mayi aja anangomwetulira nkuti dikirani kaye.

Kenako anatulutsa kachitsulo ka mphanda ziwiri, akakamenya pa chigongono kamalira kuti ng'iii. Anakamenya nkukaimika pakati pa mphumi pa mwana, nkumufunsa ukumva mbali iti. Mwana analoza kumanzere, khutu lodwalalo. Ine ndinalowerera, ndati iwe usaname, limenelo si lija silimva? Mayi aja anati musiyeni, wanena zoona, ndipo yankho lakelo ndi nkhani yabwino. Anakamenyanso nkukagunditsa pa fupa la kuseri kwa khutu, kenako nkukabweretsa pafupi ndi bowo la khutu, nkufunsa kuti pakumveka kwambiri ndi pati. Mwana anati pafupa. Bambo atawachita zomwezo, pamphumi anati zikumveka pakati, ndipo pafupi ndi khutu ndi pomwe pamamveka kuposa pafupa, mbali zonse ziwiri, kungoti kulirako kumawathera msanga.

Apa ndi pamene anatikhazika pansi nkutijambulira khutu papepala, ndipo ndiyesa kunena mmene ndinamvera ine. Mawu akamalowa amadutsa mu kanjira ka khutu, amakamenya mwinikhutu, iye amanjenjemera nkugwedeza timafupa titatu tating'ono kwambiri tili kuseri kwake, timafupato timapereka kunjenjemerako ku kachiwalo kopiringizika ngati nkhono kamene kali mkati mwa fupa la mutu. Mu kankhonomo muli madzi ndi timaselo tokhala ndi tiubweya, timeneti ndi timene timasandutsa kunjenjemera kukhala uthenga woyenda mu mtsempha kupita ku ubongo. Ndiye kusamva kulipo kwa mitundu iwiri. Vuto likakhala panjira, kutanthauza kanjira ka khutu, mwinikhutu kapena timafupa tija, mawu amangolephera kufika koma kankhono kali moyo, achipatala amati kondakitivu. Vuto likakhala mu kankhono kapena mu mtsempha, njira ili yotsegula koma wolandira uthengayo ndi amene wafooka, amati sensorinyuro. Kachitsulo kaja kakagunda fupa, mawu amalambalala njira yonse nkukafika ku kankhono kudzera m'mafupa a mutu. Nchifukwa chake mwana anamva bwino pafupa, kankhono kake kanali kabwino. Ndipo khutu lotsekeka limamva kwambiri mawu obwera m'fupa chifukwa phokoso la panja silikulisokoneza, yesani nokha panopa, tsekani khutu limodzi ndi chala nkuchita mmmm pakamwa potseka, mumva kulira kwambiri mbali yotsekayo.

Atatha izi anawalowetsa mmodzimmodzi mu kachipinda kosalowa phokoso, kuwaveka mahedifoni, akamva kulira akweze dzanja. Kenako anavula mahedifoni nkuika kachipangizo kogunda pafupa kuseri kwa khutu, kuyesanso chimodzimodzi. Zotsatira amazijambula pa pepala lotchedwa odiyogiramu, ndipo ndikupemphani mukapita muzipempha akufotokozereni, musamangolipinda nkuika mu kabuku ka kuchipatala. Khutu lakumanja amalemba timizere tozungulira tofiira, lakumanzere timitanda ta buluu. Kuchokera kumanzere kupita kumanja kwa pepala ndi mawu kuchoka pa besi kupita pa mawu osongoka, kuyambira 250 Hz mpaka 8000 Hz. Kutsika m'munsi ndi kukula kwa mawu kumene munthu akufunika kuti ayambe kumva, amayeza mu ma dB. Munthu womva bwino amayamba kumva mawu asanapitirire 20 dB, kunong'ona kumakhala cha mma 30, kucheza wamba cha mma 60.

Mwana wanga khutu lakumanzere pa mahedifoni amayamba kumva pa 40, koma pafupa pa 10. Mizere iwiriyo inatalikirana ndi 30, ndipo mpata umenewo ndiwo chizindikiro cha vuto la panjira, ukaposa 10 amayamba kuukayikira. Ndiye tangoganizani mwana wakhala kumbuyo mkalasi ya ana ochuluka, khutu labwino lili kukhoma, aphunzitsi akuyankhula atayang'ana pabolodi. Bambo mizere yawo iwiri inayendera limodzi, popanda mpata, koma inatsetsereka ngati msewu wotsikira ku Salima. Pa mawu a besi anali pa 25, pofika 2000 Hz anali pa 45, pa 4000 Hz anagwera pa 70. Mayi aja atangoona kugwa kwa pa 4000 anafunsa kuti bambo munagwirako ntchito pamalo a phokoso? Bambo anati chigayo mwanawe, cha dizilo. Phokoso la 85 dB ukakhalamo maola 8 tsiku ndi tsiku limayamba kupha timaselo tija, ndipo pachigayo pomwe umachita kukuwa kuti mnzako ali pafupi akumve ndiye kuti padutsa pamenepo. Kuonjezera ukalamba, basi.

Apa ndinamvetsa za kumeza mawu zija. Mawu ngati a, e, o ali ku besi, amenewo bambo amawamva. Koma s, f, ts, ch ali kosongoka kumene kunafa. Ndiye ukati "sefa" kapena "fisi" iwo amamva e-a, i-i, nkumalumikiza okha. Mawu a ana ndi amayi amavuta kuposa a abambo. Ndipo khutu lotere lili ndi khalidwe lina loipa, mawu apansi silimva koma ukangokweza pang'ono limawawa, pakati pake mpata ndi wochepa, nchifukwa chake amakwiya tikamakuwa. Pamene mwana uja ukakweza mawu amamva zonse bwinobwino, chifukwa kwa iye nkhani inali ya voliyumu chabe. China chomwe ndinazindikira pambuyo pake, mwana amayankhula motsitsa chifukwa mawu ake omwe amamveka kwambiri m'mutu mwake, pamene bambo amayankhula ngati akuitana munthu ali pa bwato.

Tsono chithandizo ndi pamene panasiyana kwenikweni, ndipo ndinaona bambo nkhope itagwa.

Za mwana anati zambiri za panjira zimakonzeka. Phula amachotsa, kanthu kolowa m'khutu ngati njere kapena kachirombo amachotsa, madzi odzadza kuseri kwa mwinikhutu pambuyo pa chimfine nthawi zambiri amauma okha pa miyezi itatu, akakanika amaika kapaipi kakang'ono. Kwa ife ntchito yoyamba inali kuumitsa khutu. Anandiphunzitsa kupota kansalu koyera ka thonje kapena tishu yolimba kukhala ngati chingwe cha nyali, kulowetsa pang'onopang'ono m'khutu popanda kamtengo, kusiya kayamwe mafinya, kutulutsa, kuika kena, mpaka katuluke kouma. Katatu pa tsiku. Ndipo pokhapo ndi pamene umadontheza mankhwala, anatipatsa a siprofulokisasini a m'khutu, katatu pa tsiku kwa masiku 14, mwana atagona chammbali khutu lodwala lili mmwamba, ukadontheza umadina kangapo kanyama kali kutsogolo kwa bowo la khutu kuti mankhwala alowe, nkumusiya agone choncho mphindi zingapo. Apa ndi pomwe ndimalakwitsa zaka zonse zija, ndimadontheza pamwamba pa mafinya, mankhwala amangoyandama nkutuluka. Anandiletsanso mafuta ophikira, masamba, ndi kutsuka khutu ndi madzi, chifukwa pomwe pali bowo chilichonse chimalowa mpaka mkati. Ngakhale mankhwala odontheza ogula mwachisawawa anati ayi, ena muli jentamaisini kapena niyomaisini amene akadutsa pabowo atha kuwononga kankhono, vuto lokonzeka nkusanduka losakonzeka. Posamba, thonje lopaka vaselini kutseka khutu. Kunyanja ayi.

Khutu linauma sabata yachiwiri. Patatha mwezi ndi theka mwezi wa Okutobala kutatentha, mnyamata anazemba nkukadumphira m'madzi, masiku atatu mafinya abwerera, tinayambiranso poyamba. Ulendo wachiwiriwu iye yekha anaona kuti anzake asiya kumuthawa khutu likauma, nde anayamba kudzisamala. Titabwerera kukayezetsa khutu lili louma, 40 uja anatsika kufika 25. Bowo likadalipo. Anati mabowo ena ang'ono amatsekeka okha khutu likakhala louma, koma lake ndi lokulirapo ndiye pafunika opaleshoni yomata chigamba, amatenga kachikopa ka mkati pamwamba pa khutu lake lomwe nkumatira pabowopo, ndipo amafuna khutu likhale louma kaye. Anandichenjezanso kuti ndikaona kuseri kwa khutu kwatupa, kapena mutu ukuwawa kwambiri ndi kutentha thupi, khosi kuuma, chizungulire, kapena pakamwa kupotokera mbali imodzi, ndisadikire tsiku la kiliniki, ndithamange, chifukwa khutu ndi ubongo zatalikirana ndi kafupa kopyapyala chabe.

Bambo anawauza mosabisa kuti timaselo ta mu kankhono tikafa sitimeranso, palibe dontho, jakisoni kapena opaleshoni yotsuka imene ingabweze. Phula lija litachoka anapezako pang'ono kumanja, ndiye munthu atha kukhala ndi mitundu yonse iwiri nthawi imodzi, koma chachikulu chinatsala. Chothandiza ndi makina ovala kukhutu okweza mawu. Apa ndiulule tchimo langa lina, chaka cham'mbuyo ndinawagulira kena kotchipa pamsika, anavala tsiku limodzi nkutaya, amati kakuboola mutu. Chifukwa chake ndi choti kameneko kamakweza chilichonse mofanana, besi yomwe amamva kale nkukhala bingu. Enieniwo amawatchuna pa kompyuta potsatira odiyogiramu ya munthuyo, kwa bambo anakweza kwambiri kosongoka, besi pang'ono, nkuika malire kuti phokoso lalikulu lisawapweteke. Anawathira phala lofewa m'khutu kutenga muyeso, nkupanga kotsekera kokwana khutu lawo lokha, kakapanda kukwana bwino makina amaimba likhweru.

Sabata zoyamba zinali nkhondo. Amati masipuni akusokosa, nkhuku zikusokosa, mphepo ya mwera ikuwomba m'mutu, mawu awo omwe akumveka ngati ali mu mgolo. Tinauzidwa kale kuti zidzatero chifukwa ubongo unaiwala mawu amenewo kwa zaka, ndiye ayambe maola ochepa pakhomo pachete, nkumaonjezera. Zinatenga pafupifupi miyezi iwiri. Pano pakhonde timacheza bwino, wailesi samakwezanso mpaka aneba kudandaula, nyenje zija akuti akavala makina zimachepa. Koma ndisakunamizeni, pamaliro, pamsika wa nsomba kapena mu tchalitchi anthu akamayankhula onse pamodzi amasokonezekabe, makina sabweza khutu lakale. Ifenso tinasintha, timayamba tawagwira paphewa, kuyang'anana nawo kumaso powala, kuyankhula mofatsa osakuwa, akapanda kumva timasintha mawu mmalo mobwereza omwewo.

Chisamaliro chake ku Salima kuno nkovutirapo chifukwa cha thukuta ndi chinyezi. Usiku timatsegula kachitseko ka batire nkuika makina mu botolo lotseka lokhala ndi timikanda toyamwa chinyezi. Mabatire ake ndi ang'ono ngati batani, ali ndi kapepala komata, ukamatula amayamba kutha kaya ukugwiritsa ntchito kaya ayi, ndiye osamatula onse, ndipo amatha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Kuno sapezeka mu golosale iliyonse, timagula ambiri tikapita mtauni, ndipo timabisa patali ndi ana chifukwa mwana akameza ndi ngozi yaikulu. Makina akangoti zii, kawirikawiri si kufa ayi, ndi phula latseka kapaipi kapena dontho la madzi lili mkati mwake.

Ndinafunsa kuti nanga mtundu wa bambowu umagwira okalamba okha? Ayi ndithu. Mwana atha kubadwa nawo, kapena kuupeza atadwala matenda oumitsa khosi, malungo a mu ubongo, chikuku kapena matsagwidi. Mankhwala ena amphamvu amathanso kuwononga kankhono, monga jentamaisini, sitireputomaisini ndi kanamaisini, ndipo amene munamwapo kwinini mukukumbuka mmene makutu amalirira, ngakhale za kwinini nthawi zambiri zimatha ukamaliza. Sikuti muzikana mankhwala, amapulumutsa moyo, koma makutu akayamba kulira kapena kutseka uli pa jakisoni uwauze adokotala tsiku lomwelo. Mwana amene wachira matenda oumitsa khosi ayezedwe makutu msanga osadikira kuti aone ngati ayankhule. Kwa amene kankhono kanafa kwambiri moti makina sakuthandiza, kuli opaleshoni yoika kachipangizo mkati mwa kankhono kolumikiza ku mtsempha, koma ndi yodula ndipo ofikira ndi ochepa, ambiri njira yawo ndi chiyankhulo cha manja ndi sukulu ngati ya ana osamva ya ku Mua, yomwe kwa ife a ku Salima si patali.

Pali chimodzi chomwe ndinachimva mochedwa ndipo chinandipweteka chifukwa cha mlamu wanga. Iye anadzuka tsiku lina khutu lakumanja litangoti tseke, likulira, popanda ululu, popanda mafinya. Tonse tinati ndi phula kapena madzi alowa posamba, anathira mafuta, anatokosa ndi nthenga ya nkhuku, anadikira miyezi iwiri. Pomwe amakayezetsa anamuuza kuti linali la mu kankhono lobwera mwadzidzidzi, ndipo limeneli ndi limodzi mwa mavuto ochepa a mtundu wa sensorinyuro omwe mankhwala amatha kuthandiza, mapiritsi a puredinisoloni olembedwa ndi dokotala, koma amafunika kuyamba m'masiku oyambirira, sabata ziwiri zikadutsa mwayi umachepa kwambiri. Khutu lake silinabwerere. Chikhala tinadziwa za mmmm uja tikanamuyesa mmawa womwewo. Khutu limodzi likatseka mwadzidzidzi, ng'ung'udzani pakamwa potseka. Kulira kukamveka mbali yotsekekayo, mwina ndi phula kapena madzi, pitanibe akaunike. Kukamveka mbali yabwinoyo, kwerani kabaza tsiku lomwelo, ndipo akaunika nkupeza m'khutu muli mbee popanda phula musalole kubwerera kunyumba ndi mawu oti mulibe kanthu, pemphani akutumizeni kwa a zamakutu mwachangu.

Mwana pano ali Sitandade 5, ndinakakambirana ndi aphunzitsi ake amakhala kutsogolo, mbali yoti khutu lakumanja liloze kwa iwo. Khutu lakhala louma miyezi 7 tsopano ndipo tikudikira tsiku la opaleshoni ya chigamba. Dzulo madzulo ndinawapeza awiriwa pakhonde, mdzukulu akusintha batire ya agogo ake chifukwa zala zawo zimanjenjemera, agogo nawo akumupotera thonje la vaselini loti atseke khutu posamba, akukangana kuti wosamva kwambiri ndani.